Galimoto yogula kunja: werengerani kuchokera tsiku limene idzafike kwanu

"Achemwali, ndili kunja pa kontirakiti ya ntchito ndipo kwanditsalira zaka ziwiri. Ndikufuna ndigule galimoto yoti ndiziyendera konkuno, kenako pobwerera ndidzaikweze sitima ikandithandize kwathu. Inu amene mumaolotsa katundu m'malire, zimenezi zimayenda bwanji, nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, musanapite kukaona galimoto ina iliyonse, tengani pepala mulembepo mwezi ndi chaka chimene mukuganiza kuti galimotoyo idzatsika m'sitima. Zina zonse muziziwerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo. A kasitomu a kwanu sadzafunsa kuti inali yooneka bwanji tsiku limene munaigula. Adzaiona mmene idzakhalire tsiku lofikalo, itawonjezera zaka ziwiri, ndipo adzatsata malamulo a tsiku limenelo. Anthu ambiri amene ndawaona akudandaula padoko anagula galimoto yabwinobwino, vuto linali loti anaigula ndi maso a dziko limene ankagwirako ntchito.

Za chiwongolero sindichedwapo. Galimoto za ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa zili ndi chiwongolero kumanja, pomwe za ku America, ku Germany ndi ku Dubai chili kumanzere. Mayiko ena salola n'komwe galimoto ya chiwongolero chosiyana ndi chawo, ndipo ngakhale kumene amalola, pogulitsa mudzavutika kupeza munthu. Ngati mbali zikusiyana, nkhani ithere pomwepo: yendereni galimotoyo komweko, pochoka muigulitse.

Pofunika kukhalapo pansi ndi pa zaka za galimoto. Pali mayiko amene anaika malire enieni, oti galimoto ikapitirira zaka zakutizakuti silowa. Kenya imalola zosapitirira zaka 8, Uganda zaka 15, ndipo South Africa kwenikweni salola galimoto zakale kulowa kupatula kwa anthu ochepa monga obwerera kwawo amene apatsidwa chilolezo. Mayiko ena satseka khomo, koma msonkho umakwera galimoto ikamakalamba. Tiyerekeze kuti kwanu kuli lamulo lowerengera ngati la ku Kenya, kumene amayang'ana chaka chimene galimoto inalembetsedwa koyamba. Kumeneko, m'chaka cha 2026 zimene zikulowa ndi za 2019 kupita m'tsogolo, mu 2027 ndi za 2020, mu 2028 ndi za 2021. Inu mukagula ya 2019 mu 2026, wogulitsa sakunama akamati ndi yololedwa. Ndi yololedwadi chaka chimenecho. Koma kontirakiti yanu ikutha kumapeto kwa 2027, ndiye pofika nthawiyo ya 2019 yatsekeredwa kale kunja. Nanga ya 2020? Imeneyonso ikhoza kukupwetekani. Mukaikweza sitima mu Disembala, ulendo wa panyanja wa masabata anayi mpaka asanu ndi atatu udzaifikitsa mu Januwale 2028, chaka chitatembenuka. Galimoto yotero amailamula kuti ibwerere kumene yachokera pa ndalama zanu kapena iphwanyidwe. Choncho munthu wobwerera kumapeto kwa 2027 agule ya 2021 kapena yatsopano kuposa apo, kuti ngakhale sitima ichedwe kapena abwana awonjezere miyezi itatu pa kontirakiti, asagone osatulo.

Chaka chimenechi musachimvere pakamwa pa wogulitsa kapena pa chikwangwani cha pagalasi. Chaka chopangidwa ndi chaka cholembetsedwa koyamba zimatha kusiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi chimene limatsata. Onani pa bulubuku, kenako tsegulani boneti kapena chitseko cha dalaivala mupeze nambala ya chasisi, muiwerenge chilembo ndi chilembo mukuyerekeza ndi ya papepala. Galimoto zambiri zili ndi nambala ya zilembo 17 yotchedwa VIN, koma zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi yaifupi yokhala ndi kamzere pakati. Nambala imeneyi ndi imene idzalembedwa pa pepala lililonse mpaka galimoto italowa pageti panu, ndiye ijambuleni pafoni lero lomwe.

Tsopano ku chimene chimachititsa kuti dongosolo lanuli likhale laphindu kapena ayi. Mayiko ambiri ali ndi mwayi wa nzika yobwerera kwawo, woti munthu amene wakhalitsa kunja alowetse katundu wake wa m'nyumba, nthawi zina ndi galimoto imodzi, popanda msonkho kapena pa msonkho wotsika. Mwayiwu ulipo ndithu, koma uli ndi zingwe zake, ndipo zonse ndi za masiku. Amafuna kuti mukhale mutakhala kunja nthawi yakutiyakuti mosadukiza, kuti galimoto ikhale italembetsedwa m'dzina lanu ndipo mwakhala mukuiyendera kwa miyezi yokwanira, kuti ifike pasanapite nthawi yaitali inu mutabwerera, ndiponso kuti musaigulitse msanga ikalowa. Mwachitsanzo, wosamukira ku Britain kapena ku mayiko a European Union amayenera kukhala atakhala kunja miyezi 12, galimoto atakhala nayo miyezi 6, ndipo saloledwa kuigulitsa kapena kuibwereketsa kwa miyezi 12 italowa. Ku Kenya amafuna kuti akhale nayo miyezi 12 asanabwerere. Za kwanu zipezeni kwa bungwe lotolera msonkho lenilenilo, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Zomva kwa mnzanu amene analowetsa yake zaka zisanu zapitazo musazidalire, pakuti malamulo amenewa amasintha pafupifupi nthawi iliyonse ya bajeti. Mudzafunsenso kachiwiri kukatsala miyezi itatu kuti munyamuke.

Mawu oti "m'dzina lanu" ndi amene amagwetsa anthu. Wina amagula galimoto n'kuilembetsa m'dzina la mnzake chifukwa mnzakeyo inshuwalansi imamutchipira, kapena chifukwa laisensi yake ya dzikolo sinatuluke. Amayendera zaka ziwiri zathunthu, ndiye kukatsala mwezi umodzi n'kusintha dzina. Pamaso pa a kasitomu munthu ameneyu wakhala ndi galimoto mwezi umodzi basi, ndipo alipira msonkho wonse. Iwo sakhulupirira nkhani, amawerenga madeti. Ndiye kuyambira tsiku logula sungani m'fayilo imodzi lisiti logulira, umboni wa kubanki woti ndalama zinachoka kwa inu, bulubuku, mapepala a inshuwalansi a chaka chilichonse, ndi malisiti a kugalaja oonetsa kuti makilomita ankakwera. Onjezanipo kontirakiti ya ntchito, chilolezo chokhalira m'dzikolo, ndi pasipoti yakale ngati mwasintha, chifukwa zidindo zake ndi zimene zimachitira umboni kuti munalidi kunja.

Ngati mukuganiza zogula pa ngongole, mverani izi. M'mapangano ambiri olipira pang'onopang'ono, galimoto imakhalabe ya kampani yobwereketsa mpaka mutamaliza kulipira, ndipo simungaitulutse m'dziko popanda kalata yawo. Ku America, mwachitsanzo, chikalata cha umwini chimayenera kuperekedwa kwa a kasitomu kukatsala maola osachepera 72 kuti galimoto ituluke, ndipo ngati pali dzina la wobwereketsa, amafunanso chilolezo chake cholembedwa. Ngongole ya zaka zinayi pa kontirakiti ya zaka ziwiri ndiye kuti pochoka mudzafunika kupeza ndalama zotsalazo nthawi imodzi, mwezi womwewo umene mukulipira sitima ndi msonkho. Kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha nayonso situluka tsiku lomwelo. Ine ndimati ngongole izitha kukatsala miyezi itatu kapena inayi, ndipo m'kalata yanu yopita kwa a msonkho mufunsemo ngati miyezi imene galimoto inali pa ngongole idzawerengedwa ngati ya umwini wanu.

Tsono tiwerenge ndalama ngati kuti mwayi wa wobwerera kwawo palibe, pakuti ndi bwino kudziwa mtengo wa tsiku loipa. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake, inu mudzaikemo a kwanu. Mayiko ambiri amayambira pa chimene pamapepala amalemba kuti CIF, ndiko kuti mtengo wa galimoto kuphatikiza ndalama za sitima ndi za inshuwalansi ya panyanja. Tinene kuti a kasitomu aiika galimoto yanu pa madola 8,000, sitima munalipira 1,800, inshuwalansi 200. Poyambira ndi 10,000. Msonkho wolowetsera ukakhala 25 peresenti, ndi 2,500. Kenako pamabwera ekisaizi, tinene 30 peresenti, koma iyi siwerengedwa pa 10,000 ija. Imawerengedwa pa 12,500, msonkho woyamba uja uli momwemo, ndiye ikukwana 3,750. Pomaliza VAT, tinene 16 peresenti, imagwera pa zonse pamodzi, 16,250, n'kutuluka 2,600. Msonkho wonse ndi madola 8,850. Munthu amene anangophatikiza 25, 30 ndi 16 n'kupeza 71 peresenti ya mtengo wa galimoto yokha anakonzekera 5,680, ndiye wapereweredwa ndi madola oposa 3,000 galimoto ili kale padoko. Misonkho imeneyi imaberekana, wina pamsana pa unzake, ndipo ndalama iliyonse yowonjezera pa sitima imakweza yonse itatu.

Pa 8,000 ija palinso nkhani. Mtengowo sadzangoukopera pa lisiti lanu. Maofesi ambiri a msonkho ali ndi mndandanda wawo wa mitengo ya mtundu uliwonse wa galimoto, ndipo amachotsera molingana ndi zaka. Mukanena kuti munaipeza motchipa kwa mnzanu wa kuntchito amene ankasamuka, akhoza kukumverani bwinobwino n'kulembabe mtengo wa m'buku mwawo. Za kulembetsa lisiti la mtengo wotsika dala musayese. Akakayikira amaigwira galimoto, amaika mtengo wawo, n'kuwonjeza chindapusa, uku lendi ya padoko ikuwerengedwa. Chimene mungachepetsere msonkho mwachilungamo ndi kukula kwa injini, chifukwa m'mayiko ambiri ekisaizi imayendera magulu a ma cc. Injini ya 1,998 cc ndi ya 2,362 cc pamsewu sizisiyana kwenikweni, koma ngati mzere wadulidwa pa 2,000 zili m'magulu awiri osiyana.

Kukweza sitima kuli njira ziwiri. Yoyamba ndi imene amaitcha RoRo: galimoto amaiyendetsa kulowa m'sitima yaikulu yokhala ndi zipinda zosanjikizana, n'kuimangirira pansi ndi malamba. Nthawi zambiri ndiyo yotsika mtengo, ndipo amalipiritsa potengera kukula kwa galimoto, kutalika, kutambalala ndi msinkhu. Galimoto iyenera kukhala yolira ndi yoyenda yokha, mafuta asapitirire pafupifupi kota ya thanki, ndipo mkati musakhale katundu wanu. Makiyi mumawasiya, ndipo imadutsa m'manja mwa madalaivala angapo uku ndi uko. N'chifukwa chake tinthu tochotseka timasowa: jeke, sipanala ya matayala, mamati, kiyi wachiwiri, ndi kakhadi kamene kamakhala m'wailesi za galimoto zina za ku Japan, kamene kakasowa wailesi yonse siyaka. Zoterezi zichotseni muyende nazo m'chikwama. Njira yachiwiri ndi kontena. Ya mafiti 20 mkati mwake ndi yotalika pafupifupi mamita 5.9, yokwana galimoto imodzi ndi makatoni angapo, ndipo imatsekedwa ndi loko wa nambala inu mukuona. Imadula, pakuti mumalipira kupakira, kumangirira, kutsitsa ndi kubweza kontena yopanda kanthu. Koma kwa munthu amene akusamuka ndi katundu wa m'nyumba imatha kubwera bwino, bola chilichonse chilembedwe pa mndandanda. Makontena ogawana ndi anthu ena ine sindiwakonda. Amadikira kuti adzaze asananyamuke, ndipo mnzanu mmodzi akabisamo katundu wosalembetsa, a kasitomu amagwira kontena yonse, yanu ili momwemo.

Njira iliyonse mungasankhe, tsiku lopereka galimoto ijambuleni mbali zonse zinayi, padenga, mkati, ndi pa mita ya makilomita, wolandirayo asayine pepala losonyeza mmene yafikira. Inshuwalansi ya panyanja igulidwe payokha, chifukwa ya pamsewu imene mukulipira panopa imathera pageti la doko, ndipo zimene eni sitima amalipira akawononga katundu zili ndi malire otsika kwambiri. Funsani ngati ikulipira zophwanyika ndi zobedwa, kapena ikungolipira galimoto ikatayika yonse.

Mapepala otulutsira ali ndi ndondomeko yake, ndipo ena sangakonzedwenso sitima ikanyamuka. Dziko limene muliko liyenera kudziwa kuti galimoto yachoka: ku Britain mumadzaza gawo lotulutsira galimoto kunja pa bulubuku ya kumeneko yotchedwa V5C n'kulitumiza ku DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto, mbali yotsalayo n'kuyenda nayo kuti mukalembetsere kwanu. Mayiko ena amafunanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yobedwa. Ndipo pali mayiko olandira amene amalamula kuti galimoto iyesedwe ndi kampani imene iwo anaisankha isanakwere sitima. Mukalumpha zimenezi, satifiketi yake simungaipezenso muli kutsidya, ndipo mudzalipira chindapusa. Funsani zimenezi m'kalata yomwe ija.

Pepala lalikulu kuposa onse ndi limene pamutu pake palembedwa kuti Bill of Lading. Wotchulidwa pamenepo ngati wolandira ndi amene amapatsidwa galimoto. Kampani yotumiza imayamba yakutumizirani loyeserera kuti muone, ndipo anthu ambiri amangoyankha kuti zili bwino asanawerenge. Inu khalani pansi ndi pasipoti ndi chithunzi cha nambala ya chasisi chija. Dzina likhale ndendende mmene lilili m'pasipoti, ndipo ngati mukufuna mwayi wa wobwerera kwawo likhale lanu, osati la m'bale amene akakulandirireni. Ndinaonapo padoko lina wa kasitomu atagwada pambali pa galimoto, akupukuta fumbi pa chasisi ndi chala, tochi kukamwa, akuwerenga mokweza mnzake akutsatira papepala. Pamene panayenera kukhala 8 panalembedwa B. Galimoto inali yomweyo, mwini wake ali pomwepo ndi makiyi achiwiri m'manja, koma inakhala mpaka ofesi ya sitima ya kumene inachokera itavomera kukonza chilembocho, ndipo kukonzako kunali kolipira.

Kuchedwa kotero n'kumene kumadya ndalama, chifukwa doko limapereka masiku ochepa aulere, kenako lendi imayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'madoko ambiri imakwera masiku akamachuluka. Pa kontena pamakhala malendi awiri, ya doko ndi ya eni kontena. Ndiye ejenti wochotsa katundu apezeke sitima isananyamuke, akhale wa laisensi yovomerezeka ndi a msonkho, alandire makope a mapepala onse sitima ikadali panyanja, ndipo ndalama za msonkho zikhale zili kale m'banki ya kwanu. Msonkhowo lipirani ku akaunti ya bungwe la msonkho potsata pepala limene iwo atulutsa. Ejenti amene akuti mumutumizire zonse m'manja mwake "akakonza yekha" ameneyo musiyeni. Ngati dziko lanu lilibe nyanja, pali gawo linanso: galimoto imadutsa dziko la eni doko pa chikole chotsimikizira kuti singotsalira m'njira, imapatsidwa msewu ndi masiku oti ikhale itatuluka, ndipo mumasankha pakati pa kuikweza pa thiraki yonyamula magalimoto kapena kupatsa dalaivala aiyendetse. Thiraki imadula koma galimoto imafika mmene inatsikira. Dziwaninso kuti ndalama za ulendo wapamtundawu mpaka pachipata cha dziko lanu nthawi zambiri zimalowa m'mtengo wowerengera msonkho uja.

Pa mtundu wa galimoto, funsani makaniko wa kwanu musanafunse wogulitsa wa kumeneko. Dzina likhoza kukhala limodzi koma injini ndi zamagetsi n'kukhala zosiyana malinga ndi msika umene inapangidwira, ndiye sipeya ya pashelefu osalowa. Za dizilo zatsopano za ku Ulaya zili ndi sefa ya mwaye ku ekizozi imene inapangidwira dizilo wa salufa wochepa kwambiri, ndipo zambiri zimafunanso madzi apadera otchedwa AdBlue, amene akatha galimoto imakana kulira. Kumene dizilo ali ndi salufa wambiri sefayo imatsekeka msanga, kanyale n'kuyaka, mphamvu n'kutha. Ngati muli m'dziko lozizira kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, dzimbiri limayambira kunsi pomwe pamwamba pakuwala, ndiye ikwezeni pagalaja muione ndi maso anu pogula, mudzaionenso musanalipire sitima. Mita ya ku Britain ndi ku America imawerenga mamailosi, choncho 90,000 ya kumeneko ndi pafupifupi makilomita 145,000.

Kunena za inuyo, ndi zaka ziwiri zotsalazo, ine ndikanachita motere. A msonkho akayankha kuti mwayi wa wobwerera kwawo umakhudzanso galimoto, ndipo chiwongolero chikugwirizana, gulani msanga ndithu, m'dzina lanu, yosakalamba, kuti miyezi ya umwini ikwane ndi kutsalako. Apo phindu lilipo lenileni, chifukwa mukupulumutsa ndalama yonga 8,850 ija, ndiponso mukupita ndi galimoto imene mukuidziwa matenda ake. Koma akati galimoto siili m'gulu la zokhululukidwa, palibe chokukakamizani kumangirira zinthu ziwirizi pamodzi. Gulani yotchipa yoti izikufikitsani kuntchito, pochoka muigulitse, ndiye kukatsala miyezi iwiri kapena itatu muphatikize mtengo wa galimoto, sitima, inshuwalansi, msonkho, ejenti, ulendo wapamtunda ndi kulembetsa. Chimene chituluke muchiyerekeze ndi mtengo wa galimoto yomweyo imene ili kale kwanu ndi nambala ya m'dziko. Kusiyana kwake kukakhala kochepera 10 peresenti, ine sindingakweze sitima, pakuti masiku owerengeka a lendi ya padoko ndi kugwa pang'ono kwa ndalama ya kwanu zimameza kaphindu koteroko.